Nyali ya oyilo ikuphethira pa Corolla yanga ya 1NZ: mmene ntchito ikuyendera

Loweruka mmawa

Galimoto ndi Corolla NZE121 ya otomatiki, injini 1NZ-FE ija ya 1.5 yomwe ilinso mu Probox, Sienta ndi ma Vitz ena, ndipo yayenda kupitirira makilomita 240,000. Vuto lake ndi ili: mmawa ndikailiza nyali yofiira ya oyilo, ija ya kaketulo kodontha, imazima bwinobwino pakangopita sekondi imodzi kapena ziwiri. Ndimayenda mpaka mtauni popanda chilichonse, koma injini ikatentha ndithu, makamaka masana ano a Okutobala ndikaima pa mzere wa magalimoto giya ili mu D phazi lili pa buleki, nyali ija imayamba kuphethira ngati ikufuna kuyaka koma ikukayika. Ndikangoponda moto pang'ono, singano ya rpm ikafika cha m'ma 1,000, imazimiratu. Injini sikugogoda, sikutentha mopitirira, mphamvu ilipo.

Choyamba chomwe anthu ambiri sitimachigwira bwino nchakuti nyali imeneyi siyiyeza kuchuluka kwa oyilo mu sampu ayi, imayang'ana puresha. Pa buloko pali kaswitchi ka waya umodzi, mkati mwake muli kachikopa ndi kasipuling'i. Injini ikakhala yozima kaswitchiko kamalumikiza waya uja ku bodi ndiye nyali imayaka, pampu ikayamba kukankha oyilo puresha imakankha kachikopa kaja nkudula kulumikizanako, nyali nkuzima. Ndipo kamadula pa puresha yochepa kwambiri, cha pa 0.2 bar. Ndiye ikamaphethira ndekuti puresha ikusewera pamalire penipeni pa 0.2 bar pamenepo, apo ayi kaswitchiko kapena waya wake ndi amene akunama. Zomwe ndikuzikayikira ndi zitatu, oyilo wachepa, switchi yatha, kapena pampu yadyeka, ndipo ndiyamba ndi chosalira ndalama. Galimoto ndaiimika kaye, sindikupita nayo kulikonse mpaka nditadziwa.

Loweruka masana

Ndaiika pamalo a fulati, ndadikira mphindi zoposa zisanu itazima kuti oyilo atsikire mu sampu, ndasolola dipisitiki, kupukuta, kubwezera mpaka pansi, kusololanso. Oyilo ali pamwamba pang'ono pa kadontho kapansi. Pa injini imeneyi kuchokera kadontho kapansi kufika kapamwamba ndi pafupifupi lita imodzi ndi theka, pomwe yonse imalowa malita 3.7 ukasintha ndi fyuluta yomwe, ndiye inali itaperewera lita imodzi ndi kanthu. Si zabwino, komabe mtima wanga sunakhulupirire kuti nkhani yonse ndi imeneyi, chifukwa kuchepa kwa oyilo kuli ndi kachitidwe kake. Oyilo akachepa nyali imakonda kuphethira ukamakhota kona mothamanga, ukamanga buleki mwadzidzidzi kapena pachitunda, chifukwa oyilo yense amathawira mbali imodzi ya sampu ndipo kapaipi koyamwira kamayamwa mpweya kwa kanthawi. Yanga sichita zimenezo, pa raundabauti ili zii, imachita itaima chilili pamalo osapendekeka pomwe kapaipi kaja kali komira ndithu ngakhale oyilo ali pa kadontho kapansi.

Komabe ndathira 5W-30 mpaka pafupi ndi kadontho kapamwamba, poti oyilo wochepa amatentha msanga nkupyapyala, ndiye akhoza kuwonjezera vuto lomwe lilipo kale. Ndanunkhizanso dipisitiki kuti ndimve ngati muli fungo la petulo, chifukwa injekita yodontha imasungunula oyilo nkukhala ngati madzi ndipo puresha imagwa, koma palibe fungo, ndipo pansi pa chivindikiro chothirira mulibe zoyera zija zosonyeza kuti madzi akulowa. Chomwe sichinandisangalatse ndi zomwe ndaona nditaunika ndi tochi pa bowo lothirira. Mkatimo muli zakuda zolimba zomatirira pazitsulo, kusonyeza kuti galimotoyi isanafike mmanja mwanga inkakhalitsa ndi oyilo mmodzi.

Ndaizungulitsa pafupi pompano mpaka fani ya rediyeta italira, ndaima pageti, D, buleki. Nyali yaphethiranso, mwina mochedwerapo pang'ono kusiyana ndi kale koma yaphethira. Oyilo wochepa tamuchotsa pa mndandanda.

Lamulungu

Lero ndi la switchi. Pa 1NZ ili kutsogolo kwa buloko, kunsi kwa manifodi yolowetsa mpweya, chakumtunda kwa fyuluta ya oyilo, ndipo umaifikira bwino kuchokera pansi. Nditazula pulagi yake ndapeza mkati mwa pulagimo muli oyilo, kutanthauza kuti kachikopa kamkati kayamba kudutsitsa oyilo mpaka kutulukira pa pini. Switchi yotere ndi yotha basi, palibe zokambirana, ndipo kunena zoona ndinapuma pang'ono chifukwa pa zitatu zija imeneyi ndiye yotchipa.

Ndayesa waya kaye. Kiyi pa ON injini yozima pulagi ili yozula, nyali yazima. Ndagunditsa waya uja ku bodi, nyali yayaka. Ndagwedeza waya monse mmene wadutsa wina akuyang'ana dashibodi, siinaphethire. Izi zikusonyeza kuti waya sunanyuke penapake nkumakhudza chitsulo, chifukwa waya wonyuka nawonso umaphethiritsa nyali injini ikamanjenjemera itaima, ndipo ukanakhala choncho nyali ikanayaka ngakhale pulagi ili yozula. Mayeso amenewa akuonetsanso chinthu choopsa chomwe ogula magalimoto akale ayenera kuchidziwa, munthu akangozula pulagi imeneyi nyali siidzayakanso ngakhale injini ikhale yopanda oyilo ndi dontho lomwe. Ndiye mukamagula galimoto tembenuzani kiyi pa ON musanalize, nyali ya oyilo iyenera kuyaka pamodzi ndi zinzake, ikapanda kuyaka funsani chifukwa chake.

Tsono apa ndi pomwe pali msampha. Switchi ikudontha, nyali ikuphethira, aliyense anganene kuti tapeza, gula ina umange uzipita. Koma switchi kukhala yotha sikutanthauza kuti ikunama. Ikhoza kukhala yodontha koma nkumanena zoona kuti puresha yagwa, ndipo kachitidwe ka nyali yanga kakutsatira kutentha ndi rpm mwadongosolo kwambiri, ikazizira ili bwino, ikatentha pa rpm yotsika yaphethira, ukaponda pang'ono yazima, tsiku lililonse chimodzimodzi. Switchi yonama kawirikawiri ilibe dongosolo lotere. Komanso switchi yatsopano ikhoza kudula pa puresha yotsikirapo pang'ono kusiyana ndi yakaleyo, nyali nkuzima, iwe nkumati wakonza pomwe mabering'i akulandirabe oyilo wosakwana. Poti switchi ndiimasula kale, bowo lomwelo ndi lomwe amamangapo geji yoyezera puresha ya oyilo, ndiye ndifuna geji kaye.

Lachiwiri madzulo

Geji ndabwereka kwa madala ena amakaniko ku Biwi omwe ndimadziwana nawo kuyambira kale, ya singano yokhala ndi paipi yaitali. Atandipatsa anati, "Achimwene, muone adaputa yake bwino, musakakamize. Ikakana ndi dzanja ndekuti si yake." Akunena zoona chifukwa mano a pa Toyota ndi 1/8 BSPT, ndipo ma geji ambiri amabwera ndi 1/8 NPT, zimaoneka zofanana koma ina ili ndi mano 28 pa inchi inayo 27. Imalowa kawiri katatu kenako nkulimba, ukaikakamiza ndi sipana pa buloko ya aluminiyamu ngati iyi ukhoza kuononga mano kapena kung'alula pabowopo, ndiye vuto la nyali lasanduka vuto la buloko.

Switchi ndamasula ndi soketi yaitali ya 24, adaputa yoyenera yalowa ndi dzanja mosavuta, ndamanga pang'ono, paipi ndaidutsitsa kutali ndi lamba ndi fani, geji ndaikoleka pa waipa kuti ndiziiona ndili pa siteling'i.

Buku la Toyota la injini imeneyi limati injini itatentha, ikamalira payokha osaponda moto, puresha isachepere 29 kPa, yomwe ndi ngati 0.3 bar, ndipo pa 3,000 rpm ikhale pakati pa 150 ndi 550 kPa, kapena kuti 1.5 mpaka 5.5 bar. Mau ofunika pamenepo ndi akuti itatentha. Nditangoiliza yozizira singano inalumpha kufika 4.5 bar, ndipo munthu woyeza mwachangu akanamasula geji pomwepo nkunena kuti pampu ili bwino. Oyilo wozizira ndi wokhuthala, ngakhale pampu yotha imaonetsa nambala yokongola. Ndipo singano ya kutentha ya pa dashibodi ikafika pakati sindiye kuti oyilo watentha, imeneyo ikuonetsa madzi, oyilo amatsalira mmbuyo ndithu. Ndiye ndaisiya ikulira, ndazungulira nayo pang'onopang'ono mmakwalala a kwathu kuno, singano ya geji nkumatsika ndikuiona, 2, kenako 1, kenako theka.

Itatentha bwinobwino zotsatira ndi izi. Mu P, cha pa 700 rpm, 0.3 bar yokwana ndendende. Mu D phazi pa buleki rpm imatsika pang'ono ndipo singano imagwera pakati pa 0.2 ndi 0.25, pamalire paja pomwe switchi imasinthira. Pa 3,000 rpm yafika 1.7 bar, zomwe zili mkati mwa buku koma kumunsi kwenikweni, ndipo chomwe chandidabwitsa nchakuti nditakweza kufika cha m'ma 4,000 singano siinakwere nayo, inangoima pomwepo nkumanjenjemera. Ndiye switchi ija, ngakhale ikudontha, imanena zoona. Ndazimitsa pomwepo.

Lachitatu

Sindinagwire sipana lero, ndimangoganizira manambala aja, chifukwa ndi pano pomwe munthu amaononga ndalama akathamanga. Pampu ya oyilo siipanga puresha payokha, iyo imangokankha oyilo, puresha imabwera chifukwa oyiloyo akuvutika kudutsa mmipata yothina ya mabering'i. Zili ngati paipi yothirira kudimba, ukatsina kumapeto madzi amathamanga mwamphamvu, koma mphamvuyo imatha mpope ukamatulutsa pang'ono, imathanso paipiyo ikabooka mnjira. Ndiye puresha yotsika ikhoza kuchokera kutatu, pampu sikulandira oyilo wokwana kuchokera mu sampu, pampu yadyeka ndiye oyilo akubwerera mkati mwake momwemo, kapena mabering'i a kirankishafuti akula mipata ndiye oyilo akuthawa mosavuta.

Pampu yodyeka ndi mabering'i odyeka pa geji zimaoneka mofanana kwambiri, yozizira ili bwino, yotentha pa rpm yotsika yagwa, ukaponda moto ikukwera. Chifukwa chake nchakuti pampu ya 1NZ imazungulitsidwa ndi kirankishafuti mwachindunji, ndiye pa 700 rpm imakankha oyilo wochepa kwambiri, ndipo kakuthawa kalikonse kamadya gawo lalikulu la oyilo wochepayo. Koma kuima kwa singano pa rpm yokwera ndi kunjenjemera kuja ndi nkhani ina, kumeneko ndi kwa pampu yomwe ikufuna kuyamwa zambiri koma kukhosi kwake kwatsekeka. Ndikaphatikiza ndi zakuda zomwe ndinaona pa bowo lothirira, sefa ya pakamwa pa kapaipi koyamwira mu sampu ndiyofunika kuiona ndisanayitanitse pampu.

Mnzanga wina wandiuza kuti ndingothira 20W-50 nyali izima. Izima inde, nambala ya pa geji ikwera chifukwa oyilo wokhuthala sathawa msanga mmipata, koma chomwe chadyeka chikhalabe chodyeka, sefa yotsekeka ndiye ivutikanso kwambiri kumuyamwa mmawa kukazizira, ndipo injini iyi ili ndi VVT-i, yosintha nthawi yotsegukira mavalavu, yomwe imayendera oyilo wodutsa mu tinjira ting'onoting'ono ndi kasefa kakenso. Pa injini yotheratu yomwe ukungofuna ikufikitse kumapeto kwa chaka ndikhoza kumvetsa, koma iyi sikugogoda, ndikufuna ikhale.

Loweruka

Ndakhetsa oyilo mu beseni loyera ndipo ndamuyang'ana padzuwa, kenako ndadula fyuluta. Podula musagwiritse sowo chifukwa utuchi wa chitsulo cha sowoyo ukusokonezani, ine ndaboola mmbali ndi tchizulo nkumadula ndi sizasi ya malata kuzungulira. Pepala la mkati ndalitambasula, muli timibulu takuda tambiri tofikisika ndi zala, koma tizidutswa tonyezimira tomwe mabering'i akamadyeka amasiya mulibe, kungoti kafumbi kotuwa pang'ono komwe kanamatira ku maginito. Kafumbi komata ku maginito ndi ka chitsulo, osati ka pamwamba pa bering'i. Izi zandilimbitsa mtima pang'ono kumbali ya mabering'i, ngakhale si umboni wotheratu.

Sampu ya injini iyi ili pawiri, yakumtunda ya aluminiyamu ndi kakang'ono kachitsulo kapansi, ndipo sefa umaifikira pongochotsa kapansiko. Palibe gasiketi, ndi yomata ndi silikoni, ndiye mabauti onse atachoka imakhalabe yokakamira, umadula silikoniyo ndi kampeni kopyapyala mozungulira, osapana ndi sikuludiraiva chifukwa mlomo wake ukapindika idzadontha mpaka kale. Itatseguka ndapeza pansi pake pali phala lakuda lokhuthala, ndipo sefa ija, mayo ine, gawo loposa theka latsekeka ndi makala a oyilo wopsa pamodzi ndi tizingwe ta silikoni wofiira. Wina anatsegulapo kale sampu imeneyi nkupaka silikoni wambirimbiri, pomanga wotsalayo anafinyikira mkati, nkumaduka pang'onopang'ono kukamatira pa sefa.

Ndamasula sefayo, manati awiri ndi bauti imodzi, ndaiviika mu petulo, kutsuka ndi kaburashi mpaka kuwala kukudutsa paliponse ndikaiyang'anitsa kudzuwa. Ndayang'ananso paipi yake ngati ili ndi mng'alu. Kagasiketi ka pomwe imakumana ndi injini ndaika katsopano, kameneka musakabwezere kakale chifukwa kali mbali yoyamwa, kakapanda kugwira bwino sikadontha oyilo kuti muone koma kamalowetsa mpweya, pampu nkumakankha thovu. Pomata sampu ndapala silikoni yense wakale, kupukuta kuti pasakhale mafuta, mzere umodzi wopyapyala wa silikoni wotuwa wa injini, mabauti 9 N·m basi, ndi ochepa mphamvu, amaduka ukawakoka ngati a tayala. Ndaisiya usiku wonse isanalowe oyilo.

Lamulungu madzulo

Fyuluta yatsopano, 5W-30 watsopano, geji ili pomwe inali. Kutenthetsa monga poyamba mpaka fani kulira kenako kuyendako. Kumtunda kwasintha kwambiri, pa 3,000 rpm tsopano 2.4 bar, ndikapitiriza singano ikukwera nayo bwinobwino osanjenjemera. Ndiye sefa inalidi ikutsamwitsa pampu. Koma pansi sipanasinthe mokwanira, mu P ndi 0.4 bar, mu D ndi buleki 0.3 kapena kupitirira pang'ono. Mwa buku yapambana, ndipo nditamanga switchi yatsopano nyali bwenzi itazima ndithu. Koma uyu ndi oyilo watsopano amene sanapyapyale, madzulo kunja kutazizira, ndipo 0.3 ya m'buku ija ndi malire otsikitsitsa, si pomwe injini yabwino imakhala. Akadzayenda makilomita 3,000 oyiloyu, masana otentha pa mzere wa magalimoto, ndibwerera pomwe ndinali.

Ndawaimbira madala aja kuwauza manambala. Anandifunsa ngati imagogoda mmawa ikangolira kwa masekondi oyamba aja, kapena ndikaponda moto nkusiya msanga cha m'ma 2,500, ndati ayi. Anati, "Ndiye tsegulani kutsogolo muone pampu. Pampu yomwe yakhala ikumeza zinyalala zimenezo nthawi yaitali siingakhale yosalala mkati. Koma musagule musanaitsegule, mukaipeza ili bwino ndekuti nkhani ili ku mabering'i, ndalamayo mudzaifuna kumeneko." Ndaona kuti ndi nzeru, chifukwa oyilo amachoka mu sampu nkudutsa mu pampu asanafike pa fyuluta, ndiye chilichonse chodutsa pa sefa ija pampu imachitafuna chosasefedwa.

Loweruka lotsatira

Ntchito iyi ndi yaikulu, ndisakunamizeni, chifukwa pa 1NZ pampu ili mkati mwa chivindikiro cha tcheni ya taiming'i, chivindikirocho ndiye thupi la pampu. Ndakhetsa madzi ndi oyilo, ndachotsa tayala lakumanja ndi pulasitiki ya mkati, lamba, alitaneta, chivindikiro chapamwamba pa injini, ndaika jeke ndi thabwa pansi pa injini kuti ndimasule mauntini yakumanja, kenako pampu ya madzi, sensa ya kiranki ndi pule yaikulu. Ndisanachotse pule ndinazungulitsa injini kuti pisitoni yoyamba ikhale pamwamba zizindikiro zitalunjika, tcheni sindikuichotsa koma ndi bwino kudziwa pomwe uli. Mabauti a chivindikirochi ndi osiyana kutalika ndiye ndawabaya pa katoni mmene akhalira pa injini.

Chivindikiro chitatsika ndamasula kambale ka kumbuyo kwa pampu. Mkati muli magiya awiri, lamkati lomwe limavala pa kirankishafuti ndi lakunja longa mphete lomwe limazungulira nalo. Nditangochotsa kambale kaja nkhani inaonekeratu, pankhope pake pali mizere yozungulira yokumbika yoti chikhadabo chikukodwa, ndipo mmbali mwa nyumba ya giya lakunja namonso ndi mokalikakalika. Ndayeza ndi filageji, timalata topyapyala toyezera mipata, mpata wa pakati pa nsonga ya dzino la giya lamkati ndi lakunja. Buku limati ukhale 0.06 mpaka 0.18 mm, malire ake 0.28, koma apa ka 0.30 kalowa mosakakamiza. Mipata imeneyi ndi yomwe oyilo wotentha amabwerera nayo kuchoka mbali yokankha kupita mbali yoyamwa, ndipo pa rpm yotsika magiya akuzungulira pang'onopang'ono moti oyilo amapeza nthawi yothawa. Nchifukwa chake kutsuka sefa kunakonza kumtunda koma pansi ayi.

Ndayang'ananso valavu yotulutsa puresha ikachuluka, yomwe ili pa chivindikiro chomwechi, kapisitoni ndi sipuling'i kuseri kwa pulagi. Imeneyi ikakakamira yotseguka pang'ono chifukwa cha kachinyalala imaonetsa zizindikiro zofanana ndendende ndi pampu yotha, ndipo imangofuna kutsuka, ndiye osaidumpha. Kayesedwe kake nkosavuta, upake oyilo kapisitoniko nkukaponya mu bowo lake, kayenera kutsetsereka kokha ndi kulemera kwake. Kanga kanatsika koma mokodwakodwa, kalinso ndi mizere mmbali.

Kugula magiya okha sikuthandiza pomwe nyumba yake ndi kambale zakumbika, ndiye pakufunika chivindikiro chonse. Za pa injini zophwasula zimapezeka, koma ukagula yotere uyitsegule pomwepo pa kauntala ndi filageji mmanja, apo ayi ukhoza kugula yofanana ndi yomwe wachotsa. Ine ndaitanitsa yatsopano, pamodzi ndi silo ya kutsogolo kwa kiranki, ma oring'i awiri omwe amakhala kuseri kwa chivindikiro pa njira za oyilo, ndi switchi. Poti ndili momwemo ndayang'ana tcheni ndi magaidi ake, zikadali bwino, ndamasulanso kasefa ka VVT-i pa hedi, kanali ndi zakuda zomwezija, ndatsuka.

Lachisanu

Katundu wafika ndipo ndamanga. Zofunika kusamala ndi izi, ndathira oyilo mmagiya a pampu yatsopano nkuwazungulitsa ndi chala kuti isadzayambe youma, chifukwa pampu youma imachedwa kuyamwa. Ma oring'i awiri aja akhale mmalo mwake osagwa pomwe ukukweza chivindikiro, limodzi likatsinidwa kapena kugwa puresha imathawira mkati momwemo ndipo kunja suona kanthu. Giya lamkati uyenera kulilunjikitsa ndi pomwe limavala pa kiranki usanakankhe, chivindikiro chikakana kukhala pansi osachikoka ndi mabauti, bweza ulunjikitsenso. Ndipo silikoni akangopakidwa pali mphindi zochepa zokha asanayambe kuuma, ndiye ndinayeserera kaye kulowetsa chouma kuti manja adziwe njira, kenako nkupaka, mzere wopyapyala, podziwa zomwe ndinapeza pa sefa zija. Bauti ya pule 128 N·m. Ndaisiyanso usiku.

Loweruka

Oyilo, madzi, geji pa bowo la switchi. Ndisanailize ndazula fyuzi ya EFI kuti injini isalire nkupukusa sitata pang'onopang'ono mpaka singano ya geji itagwedezeka, kenako kubwezera fyuzi nkuliza. Puresha yabwera nthawi yomweyo. Ndatulutsa mpweya mmadzi, ndayang'ana podontha, palibe, kenako ulendo wotenthetsa, ulendo uno masana dzuwa lili pamutu kuti mayeso akhale ovuta kuposa aja.

Itatentha bwino, mu P 1.0 bar, mu D ndi buleki 0.8 mpaka 0.9, ndayatsa eyakoni ndi magetsi onse siinatsike kupitirira pamenepo. Pa 3,000 rpm 3.3 bar, singano yokhazikika. Pa injini ya makilomita amenewa ndakhutira nazo, ndipo zikundiuzanso kuti mabering'i akugwirabe, chifukwa akanakhala otha pampu yatsopano ikanangokweza pang'ono basi. Ndamasula geji, switchi yatsopano ndapaka kasilanti pang'ono pa mano osafika kunsonga kuti kasatseke kabowo kake komanso kuti igwire bodi bwino, 15 N·m, pulagi ndaitsuka oyilo uja ndisanabwezere. Kiyi pa ON nyali yayaka, kuliza yazima.

Chatsala ndi zakuda zija zomwe zikadali mu hedi ndi mnjira za oyilo. Mankhwala otsukira injini sindithira, amatha kugumula zambiri nthawi imodzi nkukatsekanso sefa yomwe ndangotsukayi. Oyilo uyu ndi fyuluta ndisintha pa makilomita 1,000, ndidulanso fyulutayo kuona zomwe yagwira, kenako ndizisintha pa 5,000 iliyonse. Lita ija inasowa poyamba nayonso sindinaipezere njira yake yonse, ina inkatuluka pa switchi koma siingakwane lita, ndiye ndalemba pomwe oyilo ali pa dipisitiki ndi makilomita a lero kuti ndione ngati ikudya. Geji madala aja andilola kuisunga mpaka tsiku losintha oyilolo, ndidzayezanso pa oyilo woyendapo ndisanamukhetse, itatentha, mu D.